Mutu ndi mapewa pa EUR/USD mu 2021: khosi linaduka kawiri, chandamale chinatenga miyezi isanu ndi iwiri

Ndimagwira ntchito yowerengera ndalama pasitolo ina ya zipangizo zomangira muno mu Mzuzu, ndipo za foreksi ndimachita madzulo ndikaweruka. Lipoti ili ndi la malonda awiri amene ndinachita pa EUR/USD, mtengo wa yuro m'madola a ku Amereka, pakati pa Ogasiti 2021 ndi Malichi 2022, onse potsata chithunzi chimodzi cha mutu ndi mapewa pa tchati cha tsiku ndi tsiku, chija chimalembedwa D1. Oyamba ndinaluza, achiwiri ndinapindula. Mitengo ndailemba monga inkaonekera kwa buloka wanga, ndiye mukatsegula tchati chanu mwina mupeza kusiyana kwa mapipu angapo. Pipu ndi kusintha kwa 0.0001 pa mtengowo.

Chithunzi chake

Mutu ndi mapewa ndi chizindikiro chakuti kukwera kwa mtengo kwatopa, choncho sichingakhalepo ngati panalibe kukwera poyamba. Apa kunalipo. Mu Malichi 2020, mliri wa korona utangoyamba kugwedeza misika, yuro inatsika kufika pa 1.0636. Kuchokera pamenepo inakwera miyezi yambiri mpaka inafika pa 1.2011 pa 1 Seputembala 2020. Limenelo ndiye phewa lakumanzere. Kenako inabwerera pansi, ikugunda 1.1612 chakumapeto kwa Seputembala ndi 1.1602 pa 4 Novembala, usiku umene ankawerenga mavoti a chisankho cha ku Amereka. Itachoka apo inakweranso mwamphamvu kufika pa 1.2349 pa 6 Januwale 2021, ndipo umenewo ndiye mutu. Inatsikanso mpaka 1.1704 pa 31 Malichi, n'kudzukanso kufika pa 1.2266 pa 25 Meyi. Apa inalephera kupitirira mutu, n'kupanga phewa lakumanja.

Tanthauzo lake n'losavuta. Msika umene ukukwera umapanga nsonga zomka zikwererakwerera, ndiponso zigwa zomka zikwererakwerera. Phewa lakumanja ndi nthawi yoyamba imene ogula alephera kupanga nsonga yoposa yam'mbuyo. Koma kulephera kumeneko pakokha sikutanthauza kuti msika watembenuka. Umboni umabwera mtengo ukatsika kudutsa zigwa ziwiri za m'mbali mwa mutu, ndipo mzere umene umalumikiza zigwazo ndi umene timautcha mzere wa khosi, ena amangoti nekilaini. Khosi lisanaduke, chimene muli nacho ndi zitunda zitatu basi.

Ndinayamba kuchiona chithunzichi pakati pa Juni. Pa 16 Juni, cha m'ma 8 koloko usiku nthawi yakuno, banki yaikulu ya ku Amereka inaonetsa kuti akuluakulu ake ambiri akuganiza zokweza chiwongoladzanja pofika 2023, msanga kuposa momwe msika unkayembekezera. Dola inalimba, yuro inagwa kuchoka pamwamba pa 1.21 kufika cha pa 1.185 m'masiku atatu. Lamlungu lotsatira ndinanyamula laputopu kupita ku Luwinga kwa alamu anga, amene amaphunzitsa masamu kusekondale ndipo ndi iwo anandiphunzitsa kuwerenga matchati.

Anayang'ana nthawi yaitali atagwira kapu ya tiyi ndi manja onse awiri, paja Juni wa ku Mzuzu sachita masewera. Kenako anati, "Alamu, munthu wanuyu ndi wopunduka. Phewa lakumanja laposa lakumanzere ndi mapipu 255, ndipo latsala mapipu 83 okha kuti lifanane ndi mutu. Ine ndikuona nsonga ziwiri, osati mutu ndi mapewa."

Sanalakwe. Mabuku amajambula mapewa ofanana ngati a msilikali, koma pamsika sizikhala choncho kawirikawiri. Lamulo lokhalo limene silisinthika n'lakuti mutu upose mapewa onse awiri, ndipo apa unaposa. Komabe phewa lakumanja lalitali chonchi limakuuzani kuti ogula adakali ndi mphamvu. Chenjezo limenelo ndinalimva ndi khutu limodzi.

Mkangano wa mzere wa khosi

Apa ndi pamene nkhani yonse yagona, ndiye ndichedwapo.

Zigwa ziwiri zija sizinali pamtengo umodzi. Choyamba chinali pa 1.1602, chachiwiri pa 1.1704. Mukazilumikiza mumapeza mzere wopendekera m'mwamba, umene wakwera mapipu 102 m'masiku 147, kutanthauza pafupifupi mapipu 0.7 pa tsiku. Mzere wotere umapitiriza kukwera ngakhale mtengo utangoima pamodzi. Pofika pakati pa Julaye unali cha pa 1.1780, ndipo pofika sabata yoyamba ya Ogasiti unali utadutsa pang'ono 1.1790. Ndiye kuti khosi lopendekera m'mwamba limadzera lokha kudzakumana ndi mtengo, ndipo limapereka chizindikiro chogulitsa msanga, mtengo usanadutse chigwa chilichonse chenicheni.

Pamenepa pali msampha. Mtengo ukatseka pansi pa 1.1790, wadula mzere umene ine ndajambula ndi dzanja langa. Koma sunadutse 1.1704, pamene ogula enieni anaimapo mu Malichi ndi ndalama zawo, ndiponso sunadutse 1.1600, pamene anaimapo kawiri mu 2020. Alamu ankaumirira kuti khosi lenileni ndi mzere wogona pa 1.1704, ndipo kuti munthu wosamala adikire mpaka 1.1600 igonje. Ine ndinkati akuchedwetsa zinthu, pofika pamenepo mapipu 190 adzakhala atapita kale.

Tonse tinali ndi mfundo. Khosi likapendekera m'mwamba, kulowa pa mzere wopendekerawo kumakupatsani mtengo wabwino koma ndi umboni wochepa. Likapendekera pansi zimatembenuka: mzerewo umathawa mtengo, ndipo mukaudikira mumalowa mochedwa kwambiri, n'chifukwa chake ambiri amagwiritsa ntchito chigwa chachiwiri m'malo mwake. Palibe yankho limodzi. Chofunika n'kusankha musanalowe, n'kudziwa kuti mwasankha chiyani ndipo mwasiya chiyani.

Palinso funso lakuti kuduka n'kutani. Mu Julaye monse mtengo unkangokhula mzere wopendekera uja ngati mbuzi yodzikanda pakhoma. Pa 21 Julaye unatsika kufika cha pa 1.1752, pansi pa mzere, koma pofika pa 30 Julaye unali utabwerera pa 1.1909. Mchira wa kandulo, kachizindikiro ka pa tchati koonetsa mmene mtengo wayendera pa tsiku, kungoboola mzere si kuduka. Ndimafuna kandulo ya tsiku itseke pansi pake moonekeratu. Kandulo ya D1 imatseka 5 koloko madzulo ku New York, imene kuno ndi 11 koloko usiku kuyambira Malichi mpaka kumayambiriro kwa Novembala, ndipo miyezi inayo ndi pakati pa usiku. Zimene zikuoneka 4 koloko masana muli pa kabaza kuchokera kutauni si zimene zidzaoneke kandulo ikatseka.

Robert Edwards ndi John Magee, amene buku lawo la 1948 linafalitsa malamulo a chithunzichi, ankafuna kuti mtengo utseke kupitirira khosi ndi pafupifupi maperesenti atatu. Iwo ankanena za masheya. Pa EUR/USD maperesenti atatu a 1.1790 ndi mapipu oposa 350, theka la ulendo wonse, ndiye lamulo limenelo silingakopedwe momwe lilili. Chimodzimodzi nkhani ya voliyumu. Pa masheya timayembekeza kuti malonda akhale ochuluka pa phewa lakumanzere, achepe pa phewa lakumanja, achulukenso khosi likamaduka. Foreksi ilibe msika umodzi wowerengera malonda onse, ndipo timizere ta voliyumu ta pa pulogalamu ya MetaTrader 4 timangowerenga kuti mtengo wasintha kangati kwa buloka wanu. Ndinatiyang'ana, koma sindinatidalire.

Kuyeza chandamale

Njira yake ndi iyi. Muyeze mtunda kuchokera pansonga ya mutu kutsika choongoka mpaka pa mzere wa khosi, pa tsiku lomwelo la mutu. Mtunda umenewo muuchotse pa mtengo umene khosi ladukira. Anthu amalakwitsa malo awiri. Ena amayeza kuchokera pamutu kufika pachigwa chakuya kwambiri, pamene khosi lili lopendekera ndipo pansi pa mutu lili pamtengo wina. Ena amachotsa mtundawo pa mtengo umene iwo alowera, osati pamene mzere wadukira.

Mutu unabwera masiku 63 chigwa choyamba chitachitika, ndiye mzere unali utakwera mapipu 44 kuchoka pa 1.1602, kufika pa 1.1646.

```
kutalika   = 1.2349 - 1.1646 = 0.0703
chandamale = 1.1793 - 0.0703 = 1.1090
```

Alamu anawerenga zawo pa mzere wogona. Kuchoka pa 1.2349 kufika pa 1.1704 ndi mapipu 645, ndipo mukawachotsa pa 1.1704 mumapeza 1.1059. Kusiyana kwa mapipu 31 okha ndi chandamale changa. Zimenezi zinandilimbitsa mtima, chifukwa zinatanthauza kuti kaya ndi mutu ndi mapewa kaya ndi nsonga ziwiri, dera lake n'limodzi. Titayesa ndi khosi la pa 1.1600 tinapeza cha pa 1.0850, koma limenelo tinalisiya chifukwa linkadumpha chigwa cha Malichi ngati kuti kulibe.

Chinthu chimodzi chimene ndimaonanso nthawi zonse n'chakuti chandamale chisapitirire pamene kukwera kunayambira. Chithunzi chotembenuza msika chimabweza zimene zinakwera, sichingalonjeze zoposa pamenepo. Kukwera kunayambira pa 1.0636, ndiye 1.1090 inali mkati mwenimweni.

Edwards ndi Magee ankati muyeso umenewu ndi mtunda wochepetsetsa umene mtengo uyenera kuyenda. Ine sindiutenga ngati lonjezo. Umakuuzani mtunda wokha. Sukuuzani kuti zitenga masiku angati, ndiponso sukuuzani kuti mtengo udzera njira iti. Zinthu ziwiri zimenezi ndi zimene zinandidyera ndalama.

Malonda oyamba

Lachisanu pa 6 Ogasiti, hafu pasiti 2 masana nthawi yakuno, ku Amereka kunatuluka lipoti lakuti ntchito zatsopano 943,000 zinapezeka mu Julaye. Dola inalimba, ndipo kandulo ya tsikulo inatseka cha pa 1.1760, pansi pa mzere wanga moonekeratu. Lolemba m'mawa ndisanapite kuntchito ndinagulitsa maloti 0.04 pa 1.1755. Pa EUR/USD loti ya 0.01 ndi mayuro 1,000, ndipo pipu imodzi ndi masenti 10 a dola. Ndiye kwa ine pipu iliyonse inali masenti 40.

Cholakwa changa chinali pa sitopu, mtengo umene malonda amatsekekera okha mukamaluza. Malo ake a m'buku ndi pamwamba pa phewa lakumanja, cha pa 1.2270, chifukwa mtengo ukadutsa pamenepo chithunzi chafa. Koma amenewo anali mapipu 515 kuti ndipeze 665, ndipo ndi maloti 0.04 ndikanaika pachiswe madola oposa 200 pa akaunti ya madola 1,500. Malo ena omveka anali pamwamba pa nsonga yaposachedwa, 1.1909 ya pa 30 Julaye, tinene pa 1.1950. Ine sindinasankhe alionse mwa awiriwa. Ndinayamba ndasankha kukula kwa loti, kenako ndinadzifunsa kuti ndingapirire kuluza zingati, ndinati madola 50 kapena kupitirira pang'ono, ndipo ndinaika Stop Loss pa 1.1885. Mapipu 130, madola 52. Pa tchati panalibe chilichonse pa 1.1885. Nambala imeneyo inachokera m'thumba mwanga.

Poyamba zinkayenda. Pa 20 Ogasiti mtengo unafika pa 1.1664, utadutsa ngakhale 1.1704 ya alamu, ndipo foni inkandionetsa phindu la madola 36. Ndinawatumizira chithunzi. Anangoyankha kuti, "Dikirani 1.1600, alamu. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Mtengo unabwerera. Pa 27 Ogasiti Jerome Powell, mkulu wa banki yaikulu ya ku Amereka pa nthawi imeneyo, analankhula pamsonkhano wa ku Jackson Hole mosonyeza kuti banki yake sikuthamangira kukweza chiwongoladzanja, ndipo dola inafooka. Pa 3 Seputembala lipoti la ntchito linatuluka ndi 235,000 zokha, zochepa kwambiri poyerekeza ndi zimene msika unkayembekezera. Ndinali m'sitolo ndikuwerengetsa matumba a simenti amene ankatsitsidwa m'lole, foni ili m'thumba. Inanjenjemera kamodzi. Nditaitulutsa, zala zili mbuu ndi fumbi la simenti, malonda anali atatsekedwa kale pa 1.1885. Mtengo unapitirira pang'ono kufika pa 1.1909, pa nsonga yomweija ya Julaye, n'kutembenuka. Mapipu 24 pamwamba pa sitopu yanga. Ndikanatenga maloti 0.02 ndi sitopu ya pa 1.1950, ndikanaika pachiswe madola 39 okha ndipo ndikanakhalabe mkati.

Tsiku limenelo ndinkanena kuti buloka wandisaka. Sizinali choncho. Mtengo kubwerera kudzakhudza khosi litaduka n'chinthu chofala kwambiri, ndipo nthawi zina umalowanso mkati ndithu. Chimene chimasiyanitsa kubwerera wamba ndi kufa kwa chithunzi n'chakuti mtengo wadutsa nsonga yomaliza kapena ayi. Pa 3 Seputembala sunadutse. Unagunda 1.1909 kachiwiri n'kulephera, ndipo kwa munthu amene anali kunja ndi mutu wozizira, chimenecho chinali chizindikiro chakuti ogulitsa adakalipo.

Kuti muone kusiyana kwake, chithunzi chakufa chimaoneka chonchi. Mu 2009 pa S&P 500, muyeso wa masheya a makampani akuluakulu a ku Amereka, panali mutu ndi mapewa amene aliyense ankawanena, mutu uli pa 956 mu Juni, khosi lili cha m'ma 880. Kumayambiriro kwa Julaye mtengo unatsika kufika pa 869, anthu n'kugulitsa. Pasanathe masabata awiri unali utadutsa phewa lakumanja, kenako mutu womwe, ndipo pa 3 Ogasiti unatseka pamwamba pa 1,000. Amene anagulitsa pakhosi anakakamizika kugula kuti atuluke, ndipo kugula kwawoko kunawonjezera moto. Chizindikiro chake chinali liwiro: mtengo sunakhalitse pansi pa khosi, ndipo pobwerera sunaime pa nsonga iliyonse yam'mbuyo.

Malonda achiwiri

Ndinakhala masabata atatu osatsegula tchati cha yuro. Pa 29 Seputembala kandulo inatseka pansi pang'ono pa 1.1600. Tsopano mizere yonse itatu inali itaduka, wanga wopendekera, wa alamu wa pa 1.1704, ndi wa zigwa za 2020. Alamu anandiimbira m'mawa ndili m'njira. "Khosi lija laduka tsopano, alamu. Lija munadula inu mu Ogasiti linali kolala ya malaya."

Sindinathamangire. Kugulitsa pa 1.1590 kukanatanthauza kutsala ndi mapipu 500 okha kufika pa chandamale, sitopu ili kutali. Ndinaika Sell Limit, oda yogulitsa mtengo ukakwera kufika pamene mwasankha, ziwiri za 0.01 iliyonse pa 1.1660, pansi pang'ono pa chigwa cha Malichi ndiponso pafupi ndi 1.1664 ya Ogasiti, poganiza kuti pamene kale ogula ankaimapo tsopano paima ogulitsa. Kudikira kotere kuli ndi mtengo wake: nthawi zina msika subwerera, ndipo mumangouonera ukupita. Ulendo uno unabwerera, ndipo maoda anga anagwira sabata yachitatu ya Okutobala.

Tsopano ndinayamba ndi sitopu. Ndinaiika pa 1.1920, pamwamba pa 1.1909 imene inakana kawiri, chifukwa mtengo ukanadutsa pamenepo ndikanavomera kuti ndalakwa. Kuchoka pa 1.1660 amenewo ndi mapipu 260. Ndiyeno ndinawerenga loti kuchokera pa sitopuyo: maloti 0.02 ndi masenti 20 pa pipu, kuchulukitsa ndi 260, madola 52. Ndalama yomweija ndinaluza mu Seputembala, koma malo opumira owirikiza kawiri. Ndikuvomera kuti madola 52 pa akaunti yanga anali maperesenti atatu ndi theka, kuposa peresenti imodzi kapena awiri amene anthu osamala amalola. Chithunzi chachikulu ngati ichi pa akaunti yaing'ono chimakupanikizani choncho, poti simungatsike pansi pa 0.01.

Chandamale sindinachisinthe. Ngakhale ndinalowa pa mtengo wina, kutalika kwa mutu ndi pamene khosi linadukira zinali zomwezija, ndiye Take Profit, oda yotseka malonda mtengo ukafika pa chandamale, inakhala pa 1.1090. Mapipu 570 pa 260, kuposa pang'ono awiri pa imodzi.

Pa 28 Okutobala mtengo unakwera kufika pa 1.1692. Ndinali ndi mapipu 32 olakwika, ndipo sindinasowe tulo. Unalephera kufika pa 1.1704, ndipo mawa lake unagwa mapipu oposa 100. Kumeneko ndiko kubwerera kwa m'buku: mtengo kudzanunkhiza khosi kuchokera pansi n'kukanidwa. Pa 10 Novembala, hafu pasiti 3 masana, ku Amereka kunatuluka kuti mitengo ya zinthu yakwera ndi maperesenti 6.2 pachaka, zimene zinali zisanaonekenso kuyambira 1990. Yuro inagwa pansi pa 1.15, ndipo pa 24 Novembala inafika pa 1.1186.

Sabata imeneyo ndinatseka theka pa 1.1240, mapipu 420, madola 42, ndipo sitopu ya theka lotsala ndinaitsitsira pamene ndinalowera. Chifukwa chake n'chakuti chandamale sichifikidwa nthawi zonse. Thomas Bulkowski, amene anawerenga zithunzi zambirimbiri pa masheya a ku Amereka, anapeza kuti mwa mutu ndi mapewa amene khosi laduka, pafupifupi theka lokha ndi amene amafika pa muyeso wonse. Pa ndalama zakunja, Carol Osler ndi Kevin Chang anayesa chithunzichi mu 1995 pa ndalama zisanu ndi imodzi, ndipo phindu looneka analipeza pa maki ya ku Jeremani ndi yeni ya ku Japani zokha. Nditayenda mbali yaikulu ya ulendo, sindinafune kubetcha zonse pa mapipu 150 omaliza.

Kenako kunabwera kudikira, kumene palibe amene amakuuza pophunzitsa. Disembala yense mtengo unangozungulira pakati pa 1.12 ndi 1.14. Mvula inayamba, Khirisimasi inadutsa, fizi ya ana inafunika, malonda ali pomwepo. Pa 28 Januwale 2022 unatsika kufika pa 1.1121. Anatsala mapipu 31 kuti Take Profit igwire. Sinagwire. Pa 3 Febuluwale Christine Lagarde wa banki yaikulu ya ku Ulaya anakana kubwereza mawu ake akale akuti kukweza chiwongoladzanja mu 2022 n'kokayikitsa, yuro inalumpha, ndipo pa 10 Febuluwale inali pa 1.1495. Phindu la madola 54 limene ndinaliona ndi maso linatsika kufika pa madola 16.

Ndi nthawi imeneyi pamene alamu anatulutsa kakyuleta yawo yakusukulu n'kundionetsa chinthu chimene sindinachiganizire. Anati m'malo mochotsa mapipu, tiyeze ndi maperesenti, monga zimakhalira pa tchati cha logi. Kuchoka pamutu kufika pakhosi mtengo unatsika maperesenti 5.7, ndiye tichotse maperesenti omwewo pamene khosi linadukira.

```
1.1793 * (1.1646 / 1.2349) = 1.1122
```

Pipu imodzi kuchoka pamene mtengo unatembenukira pa 28 Januwale. Alamu anasangalala ngati mwana wawo wakhoza mayeso. Ine ndimakayika. Titasuntha khosi ndi mapipu asanu okha, kufananako kukanatha, ndipo munthu ukayesa njira zinayi pambuyo pa zochitika, imodzi siilephera kugwirizana. Chimene ndinatengapo n'chakuti njira zathu zitatu zinapereka 1.1122, 1.1090 ndi 1.1059. Chandamale ndi dera la mapipu 60, osati kadontho. Ndikanaika Take Profit kumtunda kwa deralo, cha pa 1.1130, ndikanatuluka mu Januwale ndi mapipu 40 ochepera koma mwezi wathunthu msanga. Pa chithunzi cha mapipu 700 kusiyana kwa njira ya maperesenti n'kochepa chonchi, koma pa chinthu chimene mutu wake ndi maperesenti 30 kapena 40 a mtengo, monga zimachitikira ndi bitikoini, kuchotsa chabe kumapereka chandamale chakuya mopitirira muyeso.

Ndinasiya theka lija momwe linalili, sitopu pa 1.1660. Nsonga ya 1.1495 inali pansi pa khosi ndi mapipu oposa 200, ndiye panalibe chimene chinasweka.

Pa 24 Febuluwale dziko la Rasha linalowa ndi nkhondo m'dziko la Yukireni, ndipo yuro inagwa kufika cha pa 1.1106. Masiku oyamba a Malichi inadutsa 1.1090, Take Profit inagwira usiku magetsi atathima, ine ndili mtulo, ndipo ndinadzaona m'mawa foni itatchajidwa kuntchito. Mapipu 570, madola 57. Pa 7 Malichi mtengo unafika pa 1.0806, kudutsa ngakhale chandamale chachitatu chija tinachisiya, ndipo mu Julaye yuro inafanana ndi dola koyamba m'zaka 20.

Sindinganene kuti chithunzi chinalosera nkhondo. Mapipu 400 oyamba anabwera chifukwa banki ya ku Amereka inkapita kokweza chiwongoladzanja pamene ya ku Ulaya inkazengereza, ndipo zimenezo zinkaoneka kale mu Juni phewa lakumanja litangotha. Omaliza anabwera ndi mizinga. Nkhondo ikanapanda kubuka, n'kutheka kuti 1.1121 ikanakhala mapeto, ndipo lipoti lino likanakhala la chandamale chophonyedwa ndi mapipu 31.

Maakaunti ake ndi awa. Ndinaluza madola 52 mu Seputembala, ndinapeza 42 mu Novembala ndi 57 mu Malichi. Zotsala ndi madola 47, ndipo swapu, chiwongoladzanja chimene buloka amadula kapena kupereka malonda akagona usiku, ya miyezi inayi ndi theka sinasinthe kwenikweni nambala imeneyi. Pa mtengo wakubanki wa nthawi imeneyo, dola ili pamwamba pang'ono pa K800, sizinafike K40,000. Ndikanalowa pa 9 Ogasiti pomwepo ndi maloti 0.02 ndi sitopu ya pa 1.1950, n'kudikira mpaka 1.1090, mapipu 665 akanandipatsa madola 133. Alamu, amene anadikira 1.1600 n'kugulitsa 0.01 imodzi yokha pa akaunti yawo, anatseka mu Novembala chifukwa galimoto yawo inkafuna matayala.